Tsiku amapereka ndi amfumu, inu mumangopempha

Kalata yoyamba imene ndidalembera mfumu yaikulu idabwerera m'manja mwanga isadafike n'komwe kwa mwini wake. Ndidali mlembi wa kagulu ka alimi kwathu, ndipo ndidalemba mwaukhondo ndithu kuti: "Tikukudziwitsani kuti tibwera Lachiwiri nthawi ya 9 koloko m'mawa kudzakambirana nanu za malo." Mlembi wa amfumu adaiwerenga kawiri, n'kuipinda, n'kundifunsa mwakachetechete: "Kodi achimwene, amene mwawalemberawa ndi antchito anu?"

Munalibe mawu achipongwe m'kalatamo. Vuto lidali lakuti tsiku ndidasankha ndekha, ola ndidasankhanso ndekha, amfumu n'kungowasiyira ntchito yotidikira. Paufumu, woitana ndi mfumu. Mlendo amapempha kuti alandiridwe, ndipo tsiku limatuluka m'kamwa mwa eni bwalo. Komabe inunso muli ndi galimoto yoti mubwereke ndi anthu oti atsanzike kuntchito, ndiye simungangoti "paliponse pamene mungafune" n'kukhala chete. Pafunika kutchula masiku okukomerani mwanjira yoti asamveke ngati lamulo.

Tisanafike pa mawuwo, khomo lolowera liyenera kudziwika. Maufumu m'Malawi muno, amene boma limawazindikira kudzera m'lamulo la mafumu la 1967, ali ndi makwerero: nyakwawa, gulupu, kenako mfumu yaikulu imene ambiri timangoti T/A, mpaka mafumu aakuluakulu a mitundu. Wofuna kuona T/A pankhani ya m'mudzi amayamba wauza nyakwawa, nyakwawa n'kumuperekeza kwa gulupu. Mukalumpha, funso loyamba kubwaloko lidzakhala lakuti "Kodi amfumu akwanu akudziwa?" ndipo ulendo ungathere pomwepo. Pempho lenilenilo limaperekedwa kwa nduna kapena kwa mlembi wa amfumu, chifukwa ndiwo amadziwa tsiku la milandu, tsiku la msonkhano wa kukhonsolo ndi masiku amene amfumu alibe alendo.

Dzina loitanira limasiyana ndi dera. Kwa Achewa mfumu yaikulu ndi Gogo Chalo, kapena Chalo, ndipo nyakwawa ingatchedwe Amfumu kapena Gogo ngakhale itakhala yocheperapo msinkhu kwa inu. Kwa Angoni ndi Inkosi, ndipo Gomani wa ku Ntcheu ndi M'mbelwa wa ku Mzimba ndi Inkosi ya Makhosi, amene powalonjera anthu amati "Bayethe". Chikulamayembe wa ku Rumphi ndi Themba la Mathemba. Amene akulembera ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, akulembera Kalonga Gawa Undi. Konseku mumatchula dzina la mpando, osati dzina limene munthuyo ankaitanidwa nalo kusukulu, ngakhale mudaphunzira naye kalasi imodzi. Mfumu ikakhala yaikazi dzina la mpando silisintha: ku Dedza mayi adakhala zaka zambiri pampando wa Kachindamoto, ndipo ankatchedwa Inkosi Kachindamoto basi. Mukakayika, funsani mlembi kuti "Kodi kuno timawatchula bwanji?" Safunsa adadya phula.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene makutu a nduna amagwira msanga. Ponena za ufumu wamba timati "mfumu yanena", ndipo palibe cholakwika. Koma ponena za mfumu imene mukufuna kuiona, pamaso pa anthu ake, mumati "amfumu anena", "Gogo Chalo ali bwanji". Munthu wofika pabwalo n'kufunsa kuti "Mfumu ilipo?" sadatukwane, koma wadziulula kuti sadalangizidwe.

Tsopano tiyerekeze kuti gulu la alimi a soya likufuna kumanga nyumba yosungiramo mbewu, ndipo anthu 6 akufuna kukaonana ndi T/A wa dera lawo. Wapampando wafika kwa nduna, wachita odi, wakhala pansi, awomberana m'manja, malonje atha. Akafunsidwa chimene wadzera, angayankhe motere:

"Zikomo wawa. Ndatumidwa ndi anzanga a gulu la alimi a m'mudzi mwathu, ndipo agulupu akudziwa za ulendo uno. Timati tipemphe, ngati kungatheke, kuti tidzaoneko nkhope ya Gogo Chalo. Tilipo anthu 6. Nkhani yake ndi ya malo omangapo nyumba yosungiramo mbewu, ndipo sitidzawatayitsa nthawi, ola limodzi lingakwane. Ndiye timati mutimvereko kwa Gogo kuti ndi tsiku liti ndi nthawi yanji imene angatilandire."

Taonani mmene mawuwo akuyendera. Sadanene kuti "tikufuna", wanena kuti "timati tipemphe". Kubweza mneni kumbuyo chotere, ngati kuti ganizolo lidali la dzulo, kumachotsa ukali wa pempho, n'kupatsa womvayo mpata wokana popanda wina kuchita manyazi. Ka "-ko" ka mu "tidzaoneko" ndi "mutimvereko" kamachepetsa chopemphedwacho, kuti chioneke ngati kagawo chabe ka nthawi ya amfumu. "Ngati kungatheke" ndi "angatilandire" akusiya chiweruzo m'manja mwa eni ake. Ndipo "ndatumidwa" ndi mawu olemera kuposa mmene amaonekera: mthenga sakalipiridwa, komanso sayembekezeredwa kutsutsana pankhaniyo tsiku lomwelo.

Chiwerengero cha anthu ndi mutu wa nkhani si zobisa. Ena amaganiza kuti ulemu ndi kunena kuti "tili ndi kankhani pang'ono, tidzanena komweko". Kumeneko n'kuwatchera amfumu msampha. Nkhani ya malo imafuna kuti agulupu ndi nyakwawa za mbali imeneyo ziitanidwe, ndipo mlembi sangaziitane ngati sakudziwa chobweretsa alendo. Chiwerengero nacho chimauza a pabwalo mipando yoti akonze. Mukanena anthu 6, musafike 15. Ngati pagulupo pali mlangizi wa boma, m'busa kapena mlendo wochokera kunja, nenanitu, chifukwa kakhalidwe ka pabwalo ndi ndondomeko ya oyankhula zimasintha.

Nanga masiku anu aja muwatchula pati? Dikirani nduna ifunse, ndipo kawirikawiri imafunsa: "Inuyo mumaganiza liti?" Apo ndiye muyankhe: "Ife tsiku ndi limene Gogo angatipatse. Koma poti mwafunsa, Lachiwiri pa 14 kapena Lachinayi pa 16 mwezi uno anzanga onse angapezeke. Ngati masiku amenewa Gogo ali ndi zina, tidzamva kwa inu." Masiku akhale awiri kapena atatu. Limodzi lokha limamveka ngati lamulo lovala jekete la ulemu. Ola musalitchule ndinu poyamba. Nenani mbali ya tsiku, "chakum'mawa" kapena "chakumasana", ndipo ngati pali chifukwa chenicheni, chitchuleni: "Timachokera kutali, ndiye chakum'mawa kungatithandize kuti tibwerere kusanade."

Ola lenileni mulipemphe pomaliza, tsiku litaperekedwa, chifukwa mawu oti "m'mawa" ndi otambalala: wina amva 7 koloko, wina 11 koloko. Funso lake ndi lofewa: "Kuti tisawadikiritse Gogo, tifike nthawi yanji?" Mwapempha ola, koma mwaika chifukwa chake pa ulemu wa amfumu, osati pa changu chanu. Akati 10 koloko, inu fikani 9 koloko itangopitirira, mukhale pamene akulozereni.

Kalata imatsata njira yomweyi, ndipo ndi bwino ifike patatsala masabata awiri. Pamwamba mulembe dzina la mpando, "kudzera kwa agulupu" akutiakuti, ndipo thunthu lake lingakhale lotere:

"Gogo Chalo, tikupereka ulemu wathu kwa inu. Ife a gulu la alimi a soya a m'mudzi mwa nyakwawa yanu tikupempha modzichepetsa kuti mutilole kudzakuonani kubwalo kwanu. Tidzakhala anthu 6, motsogozedwa ndi wapampando wathu, ndipo agulupu avomera kutiperekeza. Tikufuna kudzamva malangizo anu pa za malo omangapo nyumba yosungiramo mbewu. Tikupempha kuti mutipatseko tsiku ndi nthawi imene mungathe kutilandira. Ngati kungakukomereni, ife tingathe kufika pa 14 kapena pa 16 Meyi chakum'mawa, koma tidzatsata tsiku limene inu mungalamule. Ndife ana anu."

"Tikufuna" walowa m'kalatamu kamodzi kokha, ndipo chofunidwacho ndi malangizo a amfumu. Mawu a m'maofesi monga "mukudziwitsidwa", "mukuyenera kupezeka" ndi "yankhani mwachangu" asiyeni m'maofesi momwemo. Nkhani ikakhaladi yachangu, fotokozani chimene chikuithamangitsa, mwachitsanzo kuti otithandiza ndi ndalama akufuna yankho mwezi usanathe, ndipo amfumu aona okha kuti tsiku lifunika lapafupi.

Foni yafewetsa ulendo, koma sidachotse makwerero aja. Imbirani mlembi kapena nduna. Zikachitika kuti ayankha ndi amfumu eni ake, pepesani kaye: "Pepani Gogo kuti ndakuyankhulani pafoni, kudali koyenera kuti ndifike ndekha." Mukatero pemphani kuti akulozereni munthu woti mupangane naye za tsiku. Kuwatumizira amfumu uthenga woti akuimbireni, kapena kungoliza foni n'kudula, ndiye ayi.

Posankha masiku oti mutchule, yang'ananinso kalendala ya dera. Kumapeto kwa Ogasiti mafumu ambiri a Achewa amakhala ali pa ulendo wa ku Kulamba ku Mkaika. Mu Ogasiti momwemo Angoni a ku Mzimba amakhala ndi Umthetho ku Hora, ndipo mu Okutobala Alhomwe amasonkhana kwa Chonde ku Mulanje. M'madera a Asilamu, monga mbali zambiri za Mangochi ndi Machinga, Lachisanu masana ndi nthawi ya mapemphero. Munthu wotchula masiku otere amaoneka kuti dera sakulidziwa.

Yankho nalo limafuna khutu. Nduna ikati "Tamva, tikawauza", pempho lalandiridwa koma tsiku silidaperekedwe, choncho musabwereke galimoto. Pakapita masiku anayi kapena asanu muli chete, bwererani ndi mawu oti "Timati timveko ngati Gogo anenapo kanthu pa pempho lathu lija." Mukamva "tidzakuitanani" kawiri katatu popanda tsiku, kawirikawiri pali khomo limene mwalumpha kapena nkhaniyo ili ndi mbali ina imene amfumu akufuna kuimva kaye, ndipo wokumasulirani ndi agulupu. Tsiku likaperekedwa, libwerezeni pamaso pa nduna, dzina la tsiku, deti ndi ola, kuti pasakhale Lachinayi awiri.

Ngakhale tsiku lopanganalo lingasinthe, makamaka kukagwa maliro m'dera, ndipo zikatero palibe kudandaula za mafuta amene mwawononga. Mumati "Pepani ndi zovutazi, tidzamva kwa inu zikatha." Mukalephera ndinu, tumizani munthu tsiku lisadafike, apepese, apemphe tsiku lina ndi mawu omwe aja. Za mphatso yonyamula, kaya nkhuku kaya china, madera amasiyana, ndipo wofunsidwa ndi nduna yomweyo: "Kodi pobwera kuno mwambo wake ndi wotani?"

Kalata yanga ija ndidailembanso madzulo a tsiku lomwelo, mlembi uja akundiuza mawu oti ndichotse. Amfumu adatipatsa Lachiwiri lomwe lija, koma nthawi ya 10 koloko.