Mabuloko 900 a chipinda chimodzi: mmene mungafunsire kontrakitala

Mwafuna kumanga kachipinda ka mlonda, mamita 3 m'litali ndi 3 m'lifupi. Kontrakitala wabweretsa koteshoni yonena kuti pakufunika mabuloko a simenti 900, ndi matumba 15 a simenti yothira pansi pokha. Mtima ukukana, koma mukuopa kumunyoza mmisiri. Musanalembe kalata, tengani pensulo muwerengere nokha.

Buloko wamba ndi wotalika masentimita 40, msinkhu wake 20, tikaphatikiza simenti yomangira. Pa chipinda chotere mzere umodzi wozungulira makoma onse anayi umadya mabuloko pafupifupi 32. Khoma la mamita 2.8 limafuna mizere 14, ndiye kuti mabuloko 448. Pa khomo ndi pa windo sipamangidwa, choncho chotsanipo 40. Onjezani mizere itatu ya maziko, yomwe ndi mabuloko 96, ndi ena 25 olowa m'malo mwa osweka ndi odulidwa. Zonse pamodzi zikufika pa 530. Kusiyana kwa 20 kapena 30 sikungadandaulitse munthu, koma 370 ndi ndalama zambiri.

Pansi pamawerengedwa chimodzimodzi. Konkire yochindikala masentimita 10 pa chipinda chimenechi, yosakaniza muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga ndi inayi ya miyala, imafuna matumba 6 a makilogalamu 50, mwina 7.

Komabe musathamangire kunena kuti mwaberedwa. Pa dothi la m'dambo kapena pamalo otsetsereka maziko amapita pansi kwambiri. Mwinanso simenti yopakira makoma kapena ya khonde yalowetsedwa pa mzere wa pansi. Nthawi zina wangokopera koteshoni ya ntchito ina n'kuiwala kusintha manambala. Ine ndimaona kuti kalata yofunsa miyeso imathandiza kuposa yokalipa, chifukwa wolakwitsa amakonza popanda manyazi, ndipo wonama amasowa pothawira.

Ikani tsiku, tchulani nambala ya koteshoni, ndipo pakati pake pamveke motere:

"Bambo, zikomo chifukwa cha koteshoni yanu. Ndisanalipire, ndikupempha mundithandize pa zinthu ziwiri. Mwalemba mabuloko 900, pomwe ine powerengera mizere 14 ya khoma ndi itatu ya maziko ndapeza 530. Pa konkire ya pansi mwalemba matumba 15, ine ndapeza 7. Ngati pali ntchito imene sindinaiwerengere, chonde ilembeni payokha, pamodzi ndi kuya kwa maziko ndi kuchindikala kwa konkire. Ndingakondwe kulandira yankho lanu pofika Lachisanu, kapena tikumane pamalopo ndi tepi."

Sungani kope la kalatayo. Akayankha pafoni, m'pempheni alembe koteshoni yatsopano, ndipo mugwirizane molemba kuti zipangizo zotsala ntchito ikatha zidzakhala zanu.