K850,000 yasowa kuti mu lipoti la madona?

Wofufuza lipoti la ndalama za thandizo sayamba ndi malisiti. Amayamba ndi sitetimenti ya ku banki, chifukwa ndi yomwe imanena ndalama zimene zinalowadi, osati zimene opereka thandizo analonjeza. Funso lake ndi limodzi: zomwe zagwiritsidwa ntchito, tikaphatikiza ndi zotsala, kodi zikukwana ndalama zomwe zinalandiridwa?

Tiyerekeze bungwe laling'ono lophunzitsa alimi lomwe lalandira K20,000,000. Lipoti likuti malipiro a ogwira ntchito atenga K8,000,000, maphunziro K6,500,000, mafuta ndi maulendo K3,200,000. Zonse pamodzi ndi K17,700,000, choncho ku banki kuyenera kutsala K2,300,000. Koma sitetimenti ikuonetsa K1,450,000 basi.

Apa ena amathamangira kunena kuti wina wasolola. Nthawi zambiri si choncho, ndipo kuloza munthu chala usanatsegule fayilo ya mavocha ndi ulesi chabe. Mu fayilomo mwapezeka kuti mlangizi wina anatenga K600,000 yokachititsira maphunziro kumudzi ndipo sanabweretsebe malisiti. Ndalama imeneyi yatuluka ku banki, inde, koma siingalembedwe pa mzere wa maphunziro mpaka malisiti ndi mndandanda wa omwe anasainira ma alawansi zitafika. Pakadali pano ndi ngongole ya mlangiziyo ku bungwe. K70,000 ina ndi yomwe banki inadula pa ntchito zake, ndipo palibe anailemba m'buku.

Yatsala K180,000. Akauntanti wozolowera akaona kusiyana komwe kukugawika ndendende ndi 9, amakayikira kuti manambala atembenuzidwa polemba. Zoonadi, lisiti la mafuta la K420,000 linalowa m'buku ngati K240,000. Tsopano zogwiritsidwa ntchito ndi K17,950,000. Onjezani K600,000 ya mlangizi ndi K1,450,000 ya ku banki, mupeza K20,000,000.

Masamu akwana, koma kukonzako kwavundukula vuto lina. Bajeti inapatsa mafuta ndi maulendo K3,000,000. Poyamba mzerewu unkaoneka kuti wapitirira pang'ono chabe, koma tsopano uli pa K3,380,000, kupitirira ndi pafupifupi 13 peresenti. Mapangano ambiri a thandizo amalola mzere kupitirira ndi 10 peresenti yokha, ndipo kuposa pamenepo pamafunika chilolezo cholembedwa.

Chiyeso chimakhala chakuti lisiti limodzi la mafuta alisunthire ku mzere wa maphunziro, poti kumeneko ndalama zikadalipo. Zotere sizichedwa kuululika: ofufuza mabuku amayerekeza tsiku la lisiti ndi buku la maulendo a galimoto, n'kupeza kuti tsikulo kunalibe maphunziro alionse. Ndalama yotere akaikana, bungwe limabweza kuchokera m'thumba mwake. Ndi bwino kusiya K3,380,000 pa mzere wake, kulemba chifukwa chomwe mafuta anadyera ndalama zambiri, n'kupempha kuti bajeti isinthidwe gawo lachiwiri la ndalama lisanatumizidwe.