Makalata Atatu Olandirira Mlendo ku Malo a Masewera Olimbitsa Thupi

Munthu akalembetsa kuti azilandira maimelo a malo ochitira masewera olimbitsa thupi, eni malowo amakonzeratu makalata atatu omwe mapulogalamu ngati Mailchimp amatumiza okha, imodzi pambuyo pa inzake. Kalata iliyonse imakhala ndi ntchito imodzi yokha ndiponso batani limodzi lodina.

Yoyamba imafika nthawi yomweyo, munthu asanaiwale kuti walembetsa. Ntchito yake ndi kupereka chimene analonjezedwa, monga tikiti yaulere ya tsiku limodzi, n'kumuuza kuti makalata ena awiri akubwera.

Yachiwiri, pakapita masiku awiri, imachotsa mantha. Ambiri amaopa kusekedwa kapena kulephera kugwiritsa ntchito makina. Ndiye kalatayi imafotokoza za tsiku loyamba: afike mphindi 10 gulu lisanayambe, atenge thaulo, botolo la madzi ndi nsapato zothamangira, ndipo mphunzitsi akamulandira pakhomo.

Yachitatu, sabata ikamatha, imapempha chinthu chimodzi basi: kuti asungitse malo m'gulu la oyamba kumene, mwachitsanzo Loweruka m'mawa, tikiti isanathe ntchito. Amene anasungitsa kale malo sayenera kuilandira, chifukwa amangoona kuti eni malowo sakumudziwa.

Vuto limaonekera pa manambala. Ngati anthu sakutsegula kalata yoyamba, mutu wake ndi wosakopa kapena ikugwera mu Spam. Ngati akutsegula yachitatu koma osadina batani, kawirikawiri kalatayo yachulutsa zopempha, monga mitengo, malonda a zovala ndi mavidiyo, mpaka wowerenga kusowa pogwira.