Mayi amene anakana kutseka maso ku WorldCom

Mu 2002, Cynthia Cooper, mkulu wofufuza mabuku a ndalama ku kampani ya lamya ya WorldCom ku America, anapeza kuti ndalama zolipirira mizere ya lamya tsiku ndi tsiku zinkalembedwa ngati zogulira katundu wokhalitsa. Potero phindu linkaoneka lalikulu pomwe kampani ikumira. Akauntanti ena analemba zimenezi atakakamizidwa ndi mabwana, ndipo ena mwa iwo anakalowa m'ndende, pakuti kunena kuti “ndinangotumidwa” sikupulumutsa munthu kukhoti.

Bwana wake Scott Sullivan atamuuza kuti adikire kaye, Cooper sanamvere. Iye ndi anzake ankagwira ntchito usiku, akusonkhanitsa umboni, kenako anakaulula ku komiti ya bodi yoona za mabuku. Chinyengocho chinali cha madola 3.8 biliyoni, ndipo pambuyo pake chinapezeka chochuluka kuposa apo.