Kasitika ka Kuseri kwa Firiji Kamanena Zambiri Kuposa Wogulitsa

Masiku ano malonda ambiri a mafiriji akaunjika amayambira pa WhatsApp. Wogulitsa ali ku Limbe kapena ku Joni, wogula ali ku Salima, ndipo chowalumikiza ndi zithunzi zitatu: chitseko chotseka, chitseko chotsegula, mwinanso botolo la madzi litachita thukuta. Chithunzi chofunika kwambiri nthawi zambiri sichikhalapo, ndipo wogula woyiwala kuchipempha amagula chinthu chimene sakuchidziwa. Chimenechi ndi chithunzi cha kasitika kamene fakitale inamata kuseri kwa firijiyo, kapena mkati mwake, pakhoma la pafupi ndi kabokosi ka ndiwo zamasamba.

Pa kasitikako pamakhala manambala awiri amene anthu amakonda kusokoneza. Yolembedwa pambali pa mawu akuti Model ndi dzina la mtundu wa firijiyo, ndipo mafiriji ena masauzande ali nayo yomweyo. Yolembedwa pambali pa S/N kapena Serial No. ndi ya firiji imodziyo basi. Mmisiri akamati "nditumizireni nambala" pofuna kusaka labala wa pachitseko kapena themositati, amafuna yoyambayo, yonse, mpaka chilembo chomaliza. Zilembo zakumapeto si zokongoletsa. Pa katundu wa Bosch, mwachitsanzo, nambalayi imatchedwa E-Nr ndipo imathera ndi kamzere kopendeka ndi manambala awiri, monga /01 kapena /05. Mafiriji awiri osiyana pamenepo pokha akhoza kufuna sipeya wosiyana ngakhale akuoneka ngati mapasa. Wachibale wa ku Joni akagula sipeya ndi nambala yodukiza, ndalama ya thiransipoti yapita pachabe.

Tiyerekeze kuti mayi wina wa geni ya mafirizesi ku Nchalo wapeza firiji ya LG, wapempha chithunzi, ndipo pa kasitika pakuoneka izi:

```
S/N 903KR...
220-240V~ 50Hz
R600a 58g
Climate class: ST
```

Ayambe ndi msinkhu. Pa katundu wa LG, nambala yoyamba ya S/N ndi nambala yomaliza ya chaka, ndipo ziwiri zotsatira ndi mwezi. Choncho 903 akutanthauza mwezi wa Malichi m'chaka chothera ndi 9. Koma chaka chiti? Ikhoza kukhala 2019, ikhoza kukhala 2009, ngakhalenso 1999, poti dzina la LG linalowa m'malo mwa GoldStar mu 1995. Apa nambala yokha siyikwanira. Mayiyo ayang'ane ngati pa kasitikapo alembapo tsiku poyera, monga mafakitale ena amachitira, ndiponso aone maonekedwe ake: nyale ya mkati yoyera ya timababu tating'onoting'ono ndi ya mafiriji a zaka zaposachedwa, pomwe babu lachikasu lopotokola limakonda kupezeka pa akale. Wogulitsa akanena kuti "yangogwira chaka chimodzi chokha, mayi", 903 uja wamutsutsa kale, chifukwa ngakhale 2019 ndi kale.

Fakitale iliyonse ili ndi kawerengedwe kake, ndipo kugwiritsa lamulo la LG pa firiji ya Defy kapena Hisense n'kudzinamiza. Bosch imalemba FD ndi manambala anayi: pa awiri oyamba muwonjezere 20 kuti mupeze chaka, awiri otsalawo ndi mwezi. FD 9203 ndi Malichi 2012.

Mzere wachiwiri mayi uja angoupenya n'kupitirira, chifukwa magetsi a ESCOM ndi 230V pa 50Hz, chimodzimodzi a ku South Africa, Zambia ndi Britain. Katundu wochokera kumeneko amangofuna pulagi yoyenera. Choopsa ndi wochokera ku America, wolembedwa 120V 60Hz, kapena ku Japan, wolembedwa 100V. Ameneyu akalumikizidwa pa soketi ya kuno popanda thiransifoma amapsa nthawi yomweyo, ndipo adaputa yosinthira mano a pulagi siyitsitsa mphamvu ya magetsi ngakhale pang'ono.

Mzere wachitatu ndi wa gasi, ndipo m'pamene mafiriji ambiri amafera m'manja mwa amisiri osasamala. R600a ndi gasi woyaka, wa banja limodzi ndi wophikira uja, n'chifukwa chake amaikamo wochepa kwambiri: magalamu 58 okha pa firiji ya chitsanzo chathu. Kuchepa kwakeko kumatanthauza kuti kuphonya ndi magalamu ochepa chabe kumasokoneza kazizidwe, kotero mmisiri wodziwa ntchito amayeza pa sikelo, sathira mongoganizira. Mafiriji ena amalembedwa R134a, ndipo magasi awiriwa salowana m'malo, chifukwa kompuresa iliyonse inapangidwira gasi wake ndi mafuta ake. Polembedwa R12 ndiye kuti firijiyo ndi nkhalamba. Gasi ameneyu analetsedwa pansi pa pangano la ku Montreal la 1987 chifukwa amawononga mpweya wotitchinjiriza ku dzuwa, ndipo ikadzadontha, kuidzazanso kudzakhala kovuta.

Kompuresa, chimphika chakuda chija cha pansi kuseri, ili ndi kasitika kakekake. Anthu ambiri amajambula kameneko n'kutumiza ngati nambala ya firiji, chonsecho ndi nambala ya kompuresa yokha, imene nthawi zambiri imapangidwa ndi kampani ina monga Embraco kapena Secop. Komabe chithunzicho n'chothandiza. Ngati kasitika ka firiji kakuti R600a pomwe ka kompuresa kakuti R134a, firijiyo inasinthidwapo mtima, ndipo wogula ali ndi ufulu wofunsa kuti zinatani.

Mzere womaliza ndi umene ukumukhudza kwambiri mayi wa ku Nchalo, ngakhale ambiri sauwerenga n'komwe. Ukunena za kutentha kwa chipinda chimene firiji inapangidwira. SN ndi madigiri 10 mpaka 32, N ndi 16 mpaka 32, ST ndi 16 mpaka 38, ndipo T ndi 16 mpaka 43. Ku Dedza kapena ku Mzuzu firiji ya N ingathe kugwira bwino pafupifupi chaka chonse. Ku Chigwa cha Shire, kumene mu Okotobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo m'nyumba ya malata kumaposa apo, firiji ya N yochokera ku Ulaya imalira osapuma, imadya mayunitsi, mafirizesi osauma. Ya ST ya mayiyu ingalimbe miyezi yambiri koma idzavutika masiku a dzuwa lowamba. Kwa geni yodalira chisanu m'nyengo yomweyo, yoyenera kusaka ndi ya T, kapena yolembedwa SN-T.

Zonsezi zimadalira chithunzi choŵerengeka, ndipo zambiri sizikhala choncho. Kasitika n'konyezimira, kotero fulashi imasiya chibanga choyera pakati penipeni pa manambala. Ndi bwino kupukuta fumbi, kuzimitsa fulashi, kuunikira ndi tochi kuchokera chakumbali, ndi kuima pataliko pang'ono m'malo mokankhira foni pafupi mpaka zilembo kuchita mbuu. WhatsApp imachepetsa chithunzi, ndiye chitumizidwe ngati Document kapena posankha HD. Zilembo zonyenga ndi O ndi 0, I ndi 1, S ndi 5, B ndi 8. Pokayikitsa, mwini firiji aŵerenge ndi maso n'kulemba mu uthenga.

Wogula apemphenso chithunzi china chojambulira patali, choonetsa kasitikako kali pathupi la firiji imene ikugulitsidwayo, chifukwa chithunzi cha pafupi chikhoza kukhala cha firiji ina. Tsiku lokatenga katundu afanizire S/N ya pa foni ndi ya pa firiji asanapereke ndalama. Akapeza kasitika kopalidwa kapena komatulidwa, ndi bwino kuisiya, popeza popanda iko sadzadziwa gasi wake, sipeya wake, ngakhale kutsimikiza kuti wogulitsayo ndi mwini wake.