Chifukwa chake maatomu a buromini amalowera mbali zosiyana pa alikini

Alikini ndi molekyulu imene ili ndi maatomu awiri a kaboni olumikizana ndi bondi ziwiri, C=C. Pamalo amenewa molekyuluyo ndi yafulati, choncho ili ndi mbali ziwiri, yapamwamba ndi yapansi. Buromini, Br₂, akathiridwa mu alikini, mtundu wake wofiira moderapo umazimiririka, chifukwa bondi imodzi imaduka ndipo kaboni aliyense amalandira atomu imodzi ya buromini. Maatomu awiriwa salowera mbali imodzi: ina ikakhala pamwamba, inzake imakhala pansi.

Izi zimaoneka bwino pa saikulopentini, C₅H₈, amene makaboni ake asanu anazungulira ngati mphete. Mpheteyo imaletsa makaboni kupotokola, motero atomu iliyonse imatsalira mbali imene inalowera. Saikulopentini akasakanizidwa ndi buromini mu CH₂Cl₂, pamatuluka C₅H₈Br₂ wa mtundu wa tiransi, wokhala ndi buromini mbali zosiyana. Wa mtundu wa sisi, wokhala ndi buromini onse mbali imodzi, sapezeka.

Irving Roberts ndi George Kimball anafotokoza chimene chimachititsa izi mu 1937. Molekyulu ya Br₂ ikayandikira, maelekitironi a C=C amagwira atomu imodzi ya buromini, ndipo inzake imachoka ngati Br⁻. Atomu yogwidwayo sikhala pa kaboni mmodzi, koma imagwira makaboni onse awiri nthawi imodzi n'kupanga kamlatho pakati pawo. Chinthu chimenechi chili ndi chaji ya pozitivu ndipo chimatchedwa ayoni ya buromoniamu. Dzina lophatikiza ya kulorini ndi ya ayodini ndi haloniamu. Kamlathoko kamatsekereza mbali imene kali, choncho Br⁻ imalowera mbali inayo, n'kumenya kaboni mmodzi kumsana kwake, ndipo kamlathoko kamatseguka. Pakadapanda kamlathoka, chaji ikadakhala pa kaboni mmodzi wafulati, Br⁻ ikadalowera mbali iliyonse, ndipo tiransi ndi sisi zikadatuluka zosakanikirana.

Mu saikulopentini makaboni awiri a pa kamlathoko ndi ofanana, ndiye Br⁻ ikhoza kumenya aliyense. N'chifukwa chake tiransi amatuluka m'maonekedwe awiri, ena ali chithunzi cha pagalasi cha anzake, ndipo amachuluka mofanana.

Ngati zonsezi zikuchitikira m'madzi, madzi amaposa Br⁻ kuchuluka, motero ndiwo amatsegula kamlathoko. Kaboni mmodzi amatsala ndi Br, winayo amalandira OH, komabe mbali zosiyana.

Lamuloli lili ndi malire. Kaboni wa C=C akalumikizana ndi mphete ya benzini, mpheteyo imamuthandiza kusenza yekha chaji ya pozitivu. Kamlathoko kamafooka, ndipo m'mamolekyulu ena maatomu onse awiri amalowera mbali imodzi. Izi zimachitika kwambiri ndi kulorini, amene kamlatho kake n'kofooka poyerekeza ndi ka buromini. Choncho kuchuluka kwa mamolekyulu oterewa m'zotsatira kumasonyeza mmene kamlathoko kanalili kolimba.