Mphuno, nsidze ndi milomo: dulani, musazule

Wometa wodziwa ntchito yake sakuchotsa nsalu pakhosi akangomaliza mutu. Amayamba wakupendeketsa nkhope, kukweza chibwano pang'ono, n'kuyang'ana malo atatu: pakhomo pa mphuno, pansidze ndi m'mphepete mwa milomo. Ntchito ya pamenepa satha nayo mphindi 5, koma ndi imene imasiyanitsa munthu amene wangometa ndi munthu amene waoneka waudongo. Chifukwa chake n'chakuti polankhulana maso a mnzako sakhala pankhongo pako. Amayendayenda pakati pa maso ako ndi pakamwa pako, ndipo mphuno ili panjira pomwepo.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mmene ambiri timasamalira malo amenewa tikakhala patokha. Timazula, timapala ndi lezala, timasenda khungu ndi mano. Zonsezi zimabweretsa mabala pamalo amene amangofunika kudulira pang'ono.

Tiyambe ndi mphuno, poti ndi pamene pali ngozi yeniyeni. Tsitsi la m'mphuno lili ndi ntchito. Limodzi ndi mamina, limakola fumbi, mwaye ndi tizitsotso tisanalowe m'kati. Amene anayendapo mumsewu wafumbi mwezi wa Okutobala kenako n'kumina amadziwa kuchuluka kwa zimene zimatsakamira pamenepo. N'chifukwa chake cholinga si kusesa m'mphuno kuti muyere. Chofunika kuchotsa ndi tsitsi lokhalo limene lasuzumira kunja, limene munthu woyima patsogolo panu angaone. Lotsala m'katimo lisiyeni.

Abambo ambiri amayamba kuliona akapitirira zaka 40, ndipo ena amadandaula kuti mwina likukula chifukwa analidula. Ayi. Tsitsi lililonse lili ndi nyengo yake yokula, kenako limapuma n'kuthothoka. Munthu wamwamuna akamakula, mahomoni achimuna amatalikitsa nyengo yokulayo pa tsitsi la m'mphuno, la m'makutu ndi la nsidze, ndiye limafika patali lisanagwe. Kudula sikukhudza muzu, choncho sikungachulukitse tsitsi kapena kulinenepetsa. Lodulidwa limangomveka lolimba chifukwa nsonga yake yasongoka ija yachoka.

Kuzula ndiye kumakhudza muzu. Tsitsi likazulidwa pamatsala kabala kotseguka, pamalo onyowa ndi ofunda, pomwe anthu ambiri athanzi amakhala ndi mabakiteriya otchedwa sitafilokokasi popanda kudwala nawo. Mabakiteriyawo akalowa m'kabalako, pakhomo pa mphuno pamafiira, pamatupa, pamachita nkhanambo, ndipo nthawi zina pamatuluka chithupsa chopweteka moti ngakhale kukhudza nsonga ya mphuno misozi imalengeza. Madokotala amachenjeza kwambiri za dera loyambira pamwamba pa mphuno kutsikira kumbali ziwiri za kamwa, chifukwa mitsempha yobweza magazi kuchokera pamenepa imalumikizana ndi ina ya m'kati mwa chigaza, kuseri kwa maso. Sizichitika kawirikawiri kuti matenda adutse njira imeneyi, koma zikachitika munthu amakhala pakati pa moyo ndi imfa. Chithupsa cha pamphuno kapena pamlomo wam'mwamba sachifinya. Ikanipo kansalu koyera koviika m'madzi ofunda kwa mphindi 10 mpaka 15, kangapo patsiku. Mukaona kutupa kukufalikira kumlomo, kutsaya kapena kuzikope, thupi likutentha, mutu ukuwawa kwambiri, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Odwala matenda a shuga asadikire n'komwe kuti zifike pamenepo.

Kuti zimveke bwino, tiyerekeze bambo wa zaka 52 amene Loweruka akayimirira pagulu ngati nkhoswe pachinkhoswe cha mwana wa mlongo wake. Ali ndi ndevu za pamlomo wam'mwamba, nsidze zayamba kutulutsa tsitsi lalitali lopotana, ndipo ndi mwezi wa Julayi, milomo yauma. Ntchitoyi aichite Lachinayi. Akaichita Loweruka m'mawa mothamanga, kakangochitika kabala kapena kufiira, kakaonekera pazithunzi zonse.

Zida zake n'zochepa: kasizasi kakang'ono kosasongoka kunsonga, chipeso cha mano ang'onoang'ono, galasi, thonje ndi sipiriti. Kasizasi ka nsonga yobulungira kamene amawengera zikhadabo za makanda kamagwira bwino ntchito imeneyi. Akapukute ndi sipiriti n'kudikira kaume. Ayime pafupi ndi zenera kapena pakhonde masana, chifukwa babu la kudenga limaponya mthunzi pansi pa mphuno, pomwe akufuna kuona. Amine kaye, apukute m'mphuno muume, poti tsitsi lonyowa limamatirira kukhungu ndipo sizasi imalilumpha. Kenako akankhire nsonga ya mphuno m'mwamba ndi chala, alowetse nsonga yokha ya sizasi, osapitirira theka la sentimita, n'kudula lomwe lili pakhomopo. Akatero amwetulire pagalasi. Kumwetulira kumakoka mapiko a mphuno n'kutulutsa tsitsi lina limene limabisala nkhope ikakhala phee, ndipo pachinkhoswe adzamwetulira tsiku lonse. Amene ali ndi kamakina ka batire kometera m'mphuno angagwiritse ntchito komweko, bola kakhale kake yekha ndipo batire likhale lamphamvu, chifukwa likafooka kamakinako kamakoka tsitsi m'malo modula. Mafuta osungunula tsitsi aja amene ena amapaka m'khwapa asayandikire mphuno: amawotcha khungu lofewa la m'katimo.

Pansidze bamboyu asayese kusintha kaumbidwe kake. Apese nsidze kulozetsa m'mwamba ndi chipeso, ndipo tsitsi limene latalika kuposa mzere wa pamwamba pa nsidze lidzaonekera lokha. Adule nsonga zokhazo, limodzilimodzi, chipeso chili pakati pa sizasi ndi khungu. Akapesanso kubwezera m'malo mwake, abwerere m'mbuyo sitepe imodzi n'kuyang'ana nkhope yonse. Apa m'pamene ambiri amalakwa: amakakamira pagalasi, kudula mbali iyi, kuona kuti inayo yatalika, kudulanso, mpaka nsidze zonse zatha. Nsidze ziwiri sizifanana ndendende pamunthu aliyense. Tsitsi lalitali loyera lija limene limakopa dzanja kuti lizulidwe nthawi zambiri limakhala likuphimba malo aakulu, ndipo mukalizula pamatsala mpata. Kulifupikitsa n'kokwanira.

Kuzula kuli ndi malo ake amodzi: tsitsi losokera lomera pakati pa nsidze ziwiri, pamwamba pa mphuno, kapena lotalikirana ndi linzake pansi pa nsidze. Kuti mudziwe losokera, imikani chipeso mowongoka kuchokera pambali pa mphuno kudutsa pakona ya m'kati ya diso. Nsidze iyambire pafupi ndi mzere umenewo, ndipo lomera pakati pa mizere iwiriyo ndi limene lingachoke. Zulani mutangosamba madzi ofunda, motsata kumene tsitsilo laloza.

Kwa amayi ndi atsikana ndinenepo mosabisa za lezala. M'masaluni ambiri nsidze amazikonza ndi lezala, ndipo dzanja lozolowera limatulutsa mzere wokongola. Koma lezalayo ikhale yatsopano, yotsegulidwa inu mukuona. Kupukuta yakale ndi sipiriti sikokwanira, chifukwa kachilombo koyambitsa matenda a chiwindi a mtundu wa B kamatha kukhala kamoyo m'magazi ouma kwa sabata yathunthu, ndipo kukanda kochepa kosaoneka n'komwe ndi khomo lokwanira. Chinanso, nsidze zozulidwa mobwerezabwereza kwa zaka zambiri zimatha kuleka kumera chifukwa mizu yawonongeka. Masitayelo a nsidze amasintha, koma muzu wakufa subwerera, ndipo mayi amatsala akudalira pensulo moyo wake wonse.

Tibwerere kwa nkhoswe yathu, tsopano pamilomo. Ndevu za pamlomo wam'mwamba zimaoneka zosasamalika pachifukwa chimodzi chachikulu: zikagwera pa mlomo n'kuphimba mzere umene khungu la nkhope limakumana ndi mlomo. Zikatero zimanyamula thobwa ndi msuzi, ndipo kamwa imaoneka yosayera ngakhale munthu wasamba. Azipese zouma kulozetsa pansi, atseke pakamwa osakanikiza milomo, n'kudula motsata mzerewo kuyambira pakati kupita kumbali, mpaka mlomo wonse uoneke. Zonyowa zimaoneka zazitali, ndiye wodula zili zonyowa amapeza kuti wapitirira zikauma. Kumakona a kamwa kumabisala titsitsi topindikira m'kati, ndipo kuti tioneke ayenera kutsegula pakamwa pang'ono. Ngati akufuna kuwongola m'mphepete ndi lezala, apale motsata kumene ndevu zaloza, kamodzi kokha, osakoka khungu. Tsitsi lathu lopotana likadulidwa pafupi kwambiri limapindika n'kubaya khungu pomera, ndipo ndi mmene zimayambira ziphuphu za ndevu zimene zimasiya madontho akuda.

Milomo yeniyeniyo ndi nkhani ina. Khungu lake ndi lopyapyala ndipo silitulutsa mafuta okwanira odziteteza ngati la pamphumi, n'chifukwa chake ndi loyamba kusweka m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi. Kunyambita kumapereka mpumulo wa kanthawi, koma malovu akauma amasiya mlomo wouma kuposa kale, ndipo amene amanyambita kwambiri amakhala ndi mkombero wakuda kapena wofiira kuzungulira kamwa. Bamboyu anyowetse milomo ndi madzi, apake vaselini wamba pang'ono isanaume, makamaka pogona. Vaselini sabweretsa chinyezi, amangotsekera chimene chilipo, ndiye kupaka pamlomo wouma gwa phindu lake n'lochepa. Pofika Loweruka makoko aja adzakhala atafewa moti kansalu konyowa kadzawachotsa mosavuta. Osasenda ndi mano kapena zikhadabo. Amayi opaka lipisitiki adziwanso kuti pamlomo wamakoko utoto umaundana m'ming'alu, ndipo m'mphepete simuwongoka ngakhale pensulo ikhale yabwino chotani.

Pali zina zapamilomo zimene si za udongo konse, ndipo vaselini sangazithetse. Ming'alu ya m'makona a kamwa yosapola, yopweteka poyasamula, imayamba malovu akamakhazikika pamenepo mpaka mafangasi kapena mabakiteriya kupezapo malo. Imapezeka kwambiri mwa okalamba amene mano anachoka, mwa odwala shuga, komanso mwa amene thupi likuperewera ayironi kapena mavitamini a gulu la B. Timatuza tamadzi totuluka m'mphepete mwa mlomo, kawirikawiri munthu akadwala malungo kapena chimfine, timayamba ndi kachilombo kopatsirana. Pamene tilipo musadutsitsepo lezala kapena makina, musabwerekane chopaka pamilomo, ndipo musapsompsone khanda. Chilonda chilichonse cha pamlomo chimene chatha masabata 3 osapola, makamaka kwa osuta fodya ndi kwa abale athu achialubino amene dzuwa limawononga milomo yawo msanga, chikaonedwe ndi dokotala.

Tsitsi la m'mphuno ndi mzere wa ndevu zimafuna kuonedwanso pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, nsidze kamodzi pamwezi. Ngati maso anu sakuonanso bwino zapafupi, musalowetse sizasi m'mphuno mongopapasa. Uzani wometa wanu kuti, "Achimwene, muonenso nsidze ndi ndevu za pamlomozi," ndipo kasizasi ka m'mphuno muzipita nako kanukanu.